Za Penishoni

Amalume anakhala pa benchi ya m'ofesimo, chipewa ali nacho pabondo. Zaka makumi atatu akuyendetsa basi, ndipo ndalama za penishoni zinali zitangotuluka. Mwana wa mlongo wawo, amene ankagwira ntchito yolangiza anthu zosunga ndalama, anawayalira mapepala a njira ziwiri zosungira ndalama pogula masheya a makampani.

"Iyi imapindula 12 peresenti pachaka, tikatengera pakatikati. Yachiwiriyi 7."

"Nanga ukuchedweranji? Ika ku 12."

"Taonani kanambala kali pambalika, amalume. Timakatcha sitandadi divieshoni. Kamayeza kuti phindu limasochera bwanji kuchoka pakatikati paja. Kwa 12 kuja ndi 20. Ndiye chaka chabwinobwino mutha kupindula 32, kapena kuluza 8. Nthawi zina kuposa pamenepo."

"Nanga inayo?"

"Ndi 3. Zaka zambiri imasewera pakati pa 4 ndi 10."

Amalume anakanda pachibwano. Anakumbukira mankhwala a shuga a mayi a kunyumba, ogula mwezi ndi mwezi.

"Chaka choluzacho mankhwala ndingagule ndi chiyani?"

"Mungagulitse masheya anu atatsika mtengo."

Amalume anapumira m'mwamba, 12 uja akumuyang'anabe mwachisoni.

"Mabampu ndathana nawo, mwanawe. Zambiri ika kofatsako. Kolusako uikeko pang'ono, ndisafe ndi nsanje."