Kalata Yokana ndi Mnzawo wa Alamu

Inu odziwa kuwerenga, tandiuzeni: n'chiyani chimakutsekera chitseko koma osakupana chala? Mwalephera? Mverani.

Mwana wa mchimwene wanga, yemwe timam'tchula Chete, amagulitsa misomali ndi penti m'sitolo ya zomangira. Anafunsira ntchito yoyang'anira nyumba yosungira katundu pakampani ya matailosi. Pa anthu ambirimbiri anatsala atatu, iye ali pomwepo, ndipo anamuitana kawiri kukamufunsa mafunso.

Ndiye pali alamu anga, amuna a mng'ono wanga. Amenewo aliyense wovala tayi ndi mnzawo.

"Bwana wolemba ntchito pamenepo tinkakhala benchi imodzi kusukulu," anatero. "Mkulu wandevu, wadazi. Ndayankhula naye. Iwe Chete, kalembe kalata yosiya ntchito kusitoloko."

Mwana analembadi, n'kuika pansi pa wailesi kuti akapereke Lolemba.

Loweruka masana tili pabalaza panga ndi alamu ndi mng'ono wanga, foni ya Chete inalira. Kalata yochokera kukampani. Ine zilembo zimandivinira m'maso, ndiye ndinati, "Werenga mokweza, azakhali ako amve."

Anawerenga: "Zikomo pobwera kawiri kudzakumana nafe. Tikudziwitseni mosazungulira kuti ntchitoyi tapatsa munthu wina. Munayankha bwino, makamaka za kasanjidwe ka katundu wosweka msanga. Amene tam'tengayo wayendetsa kale nyumba yotere pakompyuta zaka zisanu, ndipo kusiyana kwake n'komweko. Mukalola, tisunga mapepala anu miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale sitikulonjeza malo. Ngati mukufuna kumva zambiri, imbani nambala ili m'munsiyi."

Chete anagwetsa misozi iwiri, n'kupukuta. Kenako anasolola kalata ija pansi pa wailesi, n'kuing'amba pakati.

"Akadangokhala duu, azakhali, Lolemba ndikadataya ntchito zonse ziwiri."

Alamu anatsokomola. "Ndimadziwa ine. Mnzanga uja anandinong'oneza dzulo. Mawu okomawo ndinamuuza ndine kuti alembe."

"Ee, alamu, mwagwira ntchito," ndinatero. "Chete, imba nambalayo, uike poti tonse timve. Awathokoze okha anzawo."

"Lero n'Loweruka, sangayankhe," anatero alamu.

"Akampaniwo Loweruka amaweruka mochedwa, ankolo," anatero Chete, akudina kale.

Inaitana kawiri. "Halo, ndine mkulu wolemba antchito, ndikuthandizeni?" Mawu a mayi, osalala bwinobwino.

Chete anadzitchula, anathokoza, n'kulola kuti asunge mapepalawo. Mayiwo anamulangiza kosi yoti akachite. Alamu anali atapeza chochita ndi chingwe cha nsapato.

Foni itaduka ndinafunsa, "Alamu, anzanu aja ndevu anameta liti? Mpaka mawu anameta nawo?"

Mng'ono wanga anaseka mpaka kugwira khoma. "Abambo, benchi yake inali ya atsikana?"

Ngakhale Chete, maso ali ofiira, phwitiii! Alamu ananyamuka, akuti aiwala kutseka mpopi kunyumba. Mpopi wawo unauma chaka chatha.