Mpweya wa Kaliati

Galimoto ya kanema itafika ku Nkhulambe, Kaliati anali atatsala ndi mwayi umodzi wokha. Ntchito yake inali kulankhula pa chimkuzamawu pamene kanema wotsatsa njinga ankaoneka pansalu, masekondi makumi atatu basi. Koma fumbi la kumigodi ya ku Joni linamudya chifuwa, ndipo dzulo lake ku Jenala mpweya unamuthera pakati pa mawu. Anthu anaseka. Mzungu mwini galimoto anayang'ana wotchi nanena kuti zikachitikanso apeza wina.

Mkazi wake Rozaria, yemwe anaphunzira ku mishoni, anatenga pepala la mawu amene Kaliati ankawerenga. Analilemba kalaliki wa ku Blantyre, munthu amene mwachionekere sanayesepo kulitchula ndi pakamwa pake. Chiganizo chimodzi chinali chachitali ngati msewu wa ku Mulanje, chodzaza "chifukwa chake" ndi "kuwonjezera apo".

"Izi ngakhale wa mapapo abwino angakomoke nazo," anatero Rozaria. "Werengani mokweza, bambo. Pomwe mwaima ndilemba mzere."

Kaliati anawerenga. Mawu anayi, asanu, kenako chifuwa. Mantha anamugwira, poti dzuwa linali litapendeka.

Rozaria anafafaniza ndi pensulo mopanda chisoni.

"Mukanamuuza bwanji mlamu wanu za njingayi?"

"Ndikanati, mlamu, mwatopa?"

"Basi, tiyambire pomwepo."

Anakonza, kuyesa, kukonzanso, Rozaria akuwerenga masekondi pogogoda benchi. Koyamba anapitirira ndi asanu ndi awiri. Anachotsa mawu onena za mabuleki ndi belu. Mizere yopumira anaiika pomwe chithunzi chimasintha, monga Kaliati ankakumbukira.

Mdima utangoyamba, makina analira. Kaliati anatenga chimkuzamawu.

"Abale, mwatopa?" Anapuma. Pansalu munthu ankayenda ndi thumba pamutu. "Msika uli kutali." Anapuma. "Nandolo akulemera." Pakhosi panayamba kuyabwa, koma mzere unali pomwepo, anameza mate. "Nayi njinga. Kwezani katundu. Kwerani."

Anadikira munthu wa pansalu afike pamsika.

"Aa! Mwafika kale?"

Anthu anaseka, ulendo uno mokondwa, ena akubwereza okha, "Mwafika kale?" Anatchula dzina la njinga ndi sitolo, chithunzi n'kuzima ndendende. Rozaria anagwira pamtima.

Mzungu anabwera akumwetulira, wotchi ili m'manja. Anati sanamvepo mawu okhala bwino chotero, ndipo sangalole kuti atayike. M'mawa mwake anatulutsa makina ojambulira mawu, Kaliati nalankhula bwinobwino, kupuma paliponse pomwe mkazi wake analemba mzere. Mzungu ataliza makinawo, Kaliati anadzimva yekha akupuma m'bokosimo, ndipo ananyadira kwambiri.

Galimoto inanyamuka masana kupita kwina. Bokosi analiika pampando wakutsogolo, pomwe Kaliati ankakhala. Iye anatsala pamsewu ndi Rozaria, pepala lili m'manja, akutsokomola.