Adiresi Yofanana Kumutu ndi Kumchira

Mayi a Angella anagulitsa munda wawo wa chinanazi kuti mwana wawo asathamangitsidwe sukulu ku India. Anafika pa Boma kwa Winston, wotumiza ndalama kunja pafoni, zija amati kiripito.

"Achimwene, tumizani msanga. Za ntchito yanu ndikupatsani theka, simunalime nawo."

"Mayi, Angella atitumizire kaye adiresi yake yolandirira ndalama, mndandanda wa zilembo ndi manambala uja."

"Si munamutumizirapo mwezi watha? Koperani pomwepo, minibasi ikundisiya."

Winston anayang'ana mu foni zomwe zinalowa ndi kutuluka, nakopera adiresi ya pamwamba. Zilembo zoyamba ndi zomaliza zinali za Angella ndithu. Anatumiza.

Patapita nthawi, Angella analemba kuti sanalandire kanthu, naika adiresi yake. Winston anaiyerekeza ndi imene anakopera ija, chilembo ndi chilembo.

"Pakatipa pakusiyana, mayi. Wakuba anapanga adiresi yofanana ndi ya mwana wanu kumutu ndi kumchira, n'kunditumizira kandalama kosagula n'chingamu chomwe kuti ioneke pamwamba. Ndakopera yakeyo."

"Imbirani kampani abweze, monga timachitira tikalakwitsa nambala."

"Izi zilibe ofesi yobweza. Zikapita, zapita."

Mayi a Angella, amene pamsika sankagonja ponenerera, lero anasowa womugwira malaya, poti wakubayo analibe nkhope kapena mudzi.

Foni yawo inalira. Anali Angella.

"Amayi, akuti ndikapanda kulipira mawa ndituluke ku hositelo. Kuno ndilibe m'bale. Ndikagona kuti?"