Supu wa Malume

Malume ake akukuwa kuchipinda, mtsikanayo adaimirira kukhitchini, m'maso muli gwa pa mbale ya supu wa nkhuku yozungulira mu maikulowevu. Chiwagwereni sitiroko, iye ndiye adasanduka manja awo. Pakhomo mtsikanayo adasiya kutuluka.

Adachepetsa mphamvu kufika pakatikati, chifukwa pa mphamvu yonse supu amabwadamuka m'mphepete n'kuthovokera ponseponse, pakati pakadali pozizira.

"Iwe! Ukuweta nkhuku yake kodi?" adakuwanso malumewo.

"Ndikubwera, malume!"

Patatha mphindi ziwiri adatsegula chitseko cha maikulowevu. Nthunzi inkafuka, ndipo mtima udamuuza kuti angowapatsa, akhale chete. Koma sabata yatha adachita zomwezo: sipuni yoyamba, yotunga m'mphepete, idawawotcha lilime, yapakati idali zii, ndipo malumewo adakana kudya mpaka mawa lake. Adatakasa supuyo, wotentha asakanikirane ndi wozizira, n'kumubwezera mphindi zina ziwiri. Adatakasanso, kumusiya pang'ono, n'kulawa.

Malume adameza sipuni yoyamba, nayasamanso kukamwa.

"Ukadzakwatiwa, ine ndidzafa ndi njala," adatero.

Mtsikanayo adawapukuta pachibwano. Panja anzake ankadutsa akuseka, ndipo iye adatunganso sipuni ina.