Mfundo za m'Khwapa mwa Dona

A Imasiku Mubita, mkulu wa makalaliki pa boma la Petauke, anali munthu wokhulupilila kuti palibe vuto pansi pano limene silingathe ndi ndondomeko yotaipidwa bwino. Anabwela kuchokela ku Mongu mu 1974 ndi akazi ao a Inutu, masutikesi anai, ndi chikhulupililo chimenechi. Mphaka anam'peza konkuno.

Mphakayo, dzina lake Dona, anamusiya mphunzitsi wina wa kunja amene nthawi yake ya ntchito inatha. Anali woyela mbee, ubweya wautali wokhudza pansi, nkhope ngati ya munthu amene boma lonse lamukhumudwitsa. Alimi ochokela kwa Kalindawalo ankatsika panjinga n'kuima pa mpanda, kumatsutsana ngati ndi chona kapena nkhosa yopinimbila. Amai Mubita ankamupesa tsiku ndi tsiku, dzuwa likapendeka, ndi chipeso chachitsulo cha mano otalikilana. Amuna ao ankaonela ntchitoyi pamwamba pa nyuzipepala, mtima ukuwawa ndi nthawi imene dziko losauka likutaya.

Mu Juni 1978 inafika telegalamu yonena kuti mwana wao Inonge, amene anali ndi pakati, ali pafupi kuchila. Amai anamanga katundu wa masabata asanu ndi limodzi, nanena kuti Dona akam'siya kwa anamwino a nyumba yoyandikana nayo.

"Kwa anansi?" anatelo a Mubita, akutsitsa nyuzipepala. "Amake Inonge, ine ndiyang'anila makalaliki khumi ndi anai, makina otaipila atatu ndi Landilova ya boma. Mphaka mmodzi andikanike?"

"Makalaliki anuwo amadzipesa okha."

"Zaka makumi awili ndi ziwili muukwati, simunandisiyilepo ngakhale nkhuku."

Apa amai anaima, nawayang'ana. "Chabwino, bambo ake Inonge. Chipeso ichi. Tsiku lililonse, mpaka pakhungu. Ndikapeza Dona atametedwa mpala ngati wandende, m'nyumba muno simudzasungitsidwanso kanthu, ngakhale supuni."

Basi itangozimilila m'fumbi, a Mubita anakhala pansi kuunika nkhaniyi mwaukatswili. Anapeza kuti mphaka amadzinyambita yekha, choncho kumupesa tsiku lililonse n'kugwila ntchito imodzi kawili. Anataipa ndondomeko, naimata kuseli kwa chitseko cha khichini: Dona azipesedwa Loweluka, teni koloko. Chipeso chachitsulo anachiyesa kamodzi, chinakola penapake, Dona anadandaula, ndipo iwo anachipumitsa pantchito. M'malo mwake anatenga bulashi yofewa yopukutila safali suti yao. Bulashiyo inkayenda pamsana ngati bwato pa Zambezi. Dona ankawala. Anthu a pa mpanda ankati chona wanenepa chichokele amai, ndipo a Mubita ankavomela ulemuwo ndi kamutu.

Inali nyengo imene chisoso chauma m'mbali mwa njila zonse, ndipo Dona ankayendela dela lake m'tchile la kuseli kwa nyumba m'mawa uliwonse.

Sabata lachinai litatha, Dona anayamba kuyenda ngati wavala nsapato zobweleka. Analeka kudumphila pa zenela. Loweluka, a Mubita pomunyamula, anawaluma chala chosainila. Atapisa dzanja kunsi kwa ubweya wowalawo, anapeza zimene bulashi sinawauze: mfundo kuseli kwa makutu, mfundo pamimba, mfundo kumatako, ndipo m'khwapa lakumanzele chimfundo cholimba ngati dzila lowilitsa, njele za chisoso zili mbuu mkati mwake.

Munthu wamba akadachita mantha. A Mubita anaganiza. Chinthu cholimba chimafewa ndi madzi. Anatulutsa sopo amene anaimila pamzele theka la tsiku kusitolo, namusambitsa Dona m'beseni, akumutikita mwakhama. Za nkhondo imene inachitika m'beseniyo tisanene. Mphaka atauma, mfundo zija zinali zitagwilana kolimba kuposa kale, ngati bulangeti lochapidwa ndi madzi otentha.

Lolemba anapita ku ofesi ya ziweto. A Vitalis Sakala, amene ntchito yao yeniyeni inali ng'ombe ndi nkhupakupa, anabwela, napapasa mphaka, naimba kamluzu kotsika.

"Bwana, mwamusambitsa ali ndi mfundo? Apa njila yachidule ndi imodzi. Makina ometela ndili nao. Timete yense, ayambilenso."

"Yense?"

"Tisiye mutu ndi nsonga ya mchila, kuti anthu azidziwa kutsogolo."

Amai anali kubwela pakatha masiku khumi ndi awili. A Mubita anati boma liyamba laganizapo.

Madzulo a tsikulo anakhala pakhonde, Dona atam'pana pakati pa mawondo, sizasi ya ku ofesi ili m'manja. Anali atakoka chimfundo cha m'khwapa kuti adule patsinde pamene mau anamveka ku geti.

"Odi! Iyayi, bambo, ikani pansi chimenecho!"

Anali amai Keziah Njobvu, amene ankabweletsela amai Mubita nshawa mwezi ndi mwezi. Nyengo ino ankagwila ntchito pa msika wa thonje, yosankha labwino ndi loipa, ndipo alimi ankawaopa kuposa mvula ya matalala. Anatsamiza njinga, natula thumba la nshawa, nalanda sizasi m'manja mwa mkulu wa makalaliki ngati akulanda mpeni kwa mwana.

"Mukakoka mfundo, khungu limabwela nayo. La chona n'lopyapyala ngati pepala la fodya. Mukadadula apa, mawa tikadamva kuti abwana apha nyama osaitana anzao."

"Amai Njobvu, nkhaniyi ili m'manja abwino."

"Manja ake ndawaona, ali ndi bandeji. Mumam'pesa kangati?"

"Pali ndondomeko. Loweluka lililonse."

"Ndi chiyani?"

A Mubita analoza bulashi. Amai Njobvu anaseka mpaka kugwila mzati wa khonde.

"Inu ndinu mlimi weniweni, bambo! Kwathu kumsika amatelo: loyela pamwamba pa thumba, zinyalala pansi. Ine sindiyang'ana pamwamba. Ndimapisa mkono mpaka m'chigongono. Chipeso cha amai chili kuti?"

Chipeso chinabwezedwa pantchito popanda kalata. Amai Njobvu anapempha ufa woyela wosefa bwino, nawaza pang'ono pa mfundo ya kuseli kwa khutu. Anaigwila patsinde ndi zala ziwili kuti khungu lisakokeke, nayamba kuimasula ndi zala, pang'onopang'ono, kuyambila kunsonga, ngati akuchotsa njele m'thonje. Itagawika timagulu, anailowetsa chipeso, kunsonganso, kumatsika pang'ono pang'ono mpaka chipeso chinadutsa chokha kuchokela pakhungu. Dona anayamba kugwedeza mchila, ndipo iwo anamusiya nthawi yomweyo.

"Mchila ukayamba kulankhula, msonkhano watha. Mawa muchitenso, m'mawa ndi madzulo, pang'ono pokha. Pamene palibe mfundo muzipatula ubweya ndi dzanja mpaka muone khungu, mzele ndi mzele, ngati mukupalila. Malo amene ubweya umakhulana ndiwo oyamba: m'khwapa, kumakutu, pamimba, kumbuyoku."

"Nanga chachikuluchi?"

"Icho chakanika, chagwila khungu. Icho chokha a Sakala amete ndi makina ao. Osati sizasi, osati madzi."

"Kodi zonsezi munaphunzila kuti?"

"Pakhonde pano, poyembekeza kuti amai andiyezele nshawa. Inu munalipo. Munali kuwelenga za dziko."

Masiku khumi ndi limodzi otsatilawo, boma la Petauke linayenda lokha m'mawa mpaka hafu pasiti eyiti. A Mubita anaphunzila zambili zimene sizili m'mabuku a malamulo a ntchito. Anaphunzila kuti Dona amalola kugwidwa pamimba akangodya kumene, ndipo nthawi zina zonse pamimba ndi pa malile a dziko lina. Anaphunzila kuti njele ya chisoso yolowa lelo imachoka ndi chala chimodzi, koma ikagona masiku atatu imakhala itamanga mudzi. Anayesanso, poti munthu sasiya khalidwe lake tsiku limodzi, kudumpha tsiku pa mbali imene anaimaliza. Tsiku lachiwili lake chipeso chinakola kuseli kwa khutu, pomwe paja. A Sakala anabwela nameta chimfundo cha m'khwapa, a Mubita atagwila mphaka m'thaulo. Pansi pake khungu linali lofiila koma lopanda bala. Panatsala kadazi kukula ngati chikhatho cha khanda, ndipo Dona madzulo omwewo anadumphila pa zenela.

Amai anafika Loweluka masana, fumbi la mseu wa Lusaka lili m'nsidze. Ananena kuti mdzukulu ndi wamkazi, ndi wonenepa, ndipo ali ndi mphuno ya kwa a Mubita koma Mulungu adzam'thandiza. Kenaka anakhala pampando, naitana Dona. Msana wowalawo sanauyang'ane n'komwe. Anapisa zala kuseli kwa makutu. Pamimba. Kumatako. M'khwapa lakumanja. A Mubita anaima chilili ngati kalaliki pa tsiku loyendela akuluakulu a ku Chipata.

M'khwapa lakumanzele zala zinaima.

"Apa pali bwalo la ndege."

"Panali kusamvana pang'ono m'masabata oyambilila," anatelo a Mubita. "Nkhaniyo inaunikidwa. Zapezeka kuti mphaka wa ubweya wotele, woyenda m'tchile, ayenela kupesedwa tsiku lililonse, ndi chipeso, mpaka pakhungu. Akadakhala wosatuluka m'nyumba, mwina tikadadumphako tsiku. Koma nyengo ya chisoso, ngakhale kawili pa tsiku."

"Zapezeka."

"Zapezeka ndithu."

"Wapeza ndani?"

"Panali kufunsa maganizo a anthu a m'midzi, monga Chipani chimalimbikitsila."

Amai anakweza mwendo wa mphaka, nayang'anitsitsa kadazi kaja pa kuwala. Anapeza khungu losalala, lopanda chipsela cha sizasi. Anatenga chipeso, nachiyendetsa kuchokela pakhosi mpaka kumchila, ndipo sichinakole paliponse. Dona anapilila mpaka pamenepo, kenaka anatsika, nadutsa pakhonde mwaulemu wake wonse, nakagona chagada pa mapazi a a Mubita, mimba ili pamtunda.

"Hee," anatelo amai. "Ine zaka zinai sanandionetsepo mimba osam'pempha."

"N'kudziwa kagwilidwe," anatelo a Mubita modzichepetsa, chifuwa chitatsogola.

"Ndaona. Ndinalakwa kukukayikilani, bambo ake Inonge. Munthu wodziwa chonchi sangalandidwe ntchito." Anawapatsa chipeso ndi manja awili, monga mwa mwambo. "Kuyambila lelo ndi yanu. Ine dzanja langa ndi lolemela."

A Mubita analandila chipesocho ndi manja awilinso. Kenaka anafunsa, ndi mau otsika, ngati dongosolo limeneli likuphatikizapo Masande ndi maholide a boma.

"Funsani chisoso ngati chimapita kutchalitchi," anatelo amai, akulowa m'nyumba kukavula nsapato.