Keni Youma ya Mayi Bernardina

Nkhaniyi anandiuza Fausto, wonyamula katundu pa malire a Milange.

Ku Majaua, gulu la alimi a matimati linkathirira nazale mosinthana, ndipo aliyense ankakhuthula madzi ochuluka kuopa kutchedwa mlesi. Mbande zinayamba kugwa. Mayi Bernardina, mmodzi wa alimiwo, atazula imodzi, anaona tsinde litawola m'munsi, litaonda ngati ulusi.

Tsiku lawo lothirira litakwana, anakhalira keni yawo ya madzi.

"Thirirani, amayi, mbande zafota," anatero wapampando, bambo Cipriano. "Mukakana, mutuluka m'gulu opanda mbande."

"Achimwene, pondanitu apa, si matope awa? Chikuzidya ndi chuku cha m'dothi, chimakonda chinyontho ndi mbande zothithikana. Ndichotseni, koma lero sindithirira."

Anawachotsadi. Mayiwo anakakweza bedi lawolawo la mbande pa dothi latsopano, nkulitentha ndi mapesi, nkufesa motalikanitsa. Ankathirira m'mawa mokha, akaona kuti pamwamba pauma.

Nazale ya gulu inagwa yonse. Akuti bambo Cipriano anakapempha mbande chipewa chili m'manja, mayiwo nkuwapatsa.

Zoti mbande za mayiwo zinakula ndikuvomera. Koma zoti bambo Cipriano anavula chipewa, ine ndikukayika.