Kolorini pa Asidi

Zimbudzi za pa resitihausi ya a Jailosi pa Mwanza boma ndinazikolopa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe dalaivala wa thiraki yemwe anandiuzapo zikomo. Zinali zinayi, zonjuta zonse, zoyang'anana ndi mpanda wakuseri. Amuna ochokera ku Tete ndi ku Beira ankafika ali thapsa ndi mowa, ndiye mungoganiza nokha ngati ankalunjika pabowo. Mkodzo unkauma m'mbali mwa mbale ndi popondapo, n'kusanduka litsiro lachikasu lolimba gwa, loti sopo amangoliseka.

Litsiro limenelo limamva asidi basi. Ine ndinaphunzira kwa mayi wina amene ndinkagwira naye ganyu yokolopa ndisanabwere kuno, ndipo anandiphunzitsa ndi makofi a pakamwa. Uyambe watsuka ndi madzi. Uthire asidi pokhapo pali litsiro, chitseko chili pululu, manja uli utavala. Udikire adye, ukweche ndi bulashi, utsukuluze ndowa zingapo mpaka fungo lake litatheratu. Ukatero m'pamene umabwera ndi kolorini wosungunula m'madzi kuti aphe tizilombo pansi ponse. Awiriwa sakumana. Akakumana amatulutsa mpweya wotentha mapapo, ndipo mpweyawo umakhala pansi, pomwe pali nkhope ya munthu wogwada amene akukwecha.

Chaka cha kolera chija, a zaumoyo anatisiyira zigubu za kolorini n'kunena kuti abweranso Lachinayi masana kudzayendera. Malo auve atsekedwa. A Jailosi, monga mwa nthawi zonse, anakumbukira Lachinayi lomwelo m'mawa. Asidi ndinali nditawapempha kwa mwezi wathunthu, koma anabwera naye tsikulo cha m'ma leveni, thukuta lili kamukamu, maso ali psu ngati kuti ndine ndinabweretsa kolera m'dziko.

Tinali awiri pa ntchito imeneyi, ine Deliwe ndi mng'ono wanga Enelesi. Iye kwenikweni ankachapa zofunda za m'zipinda, kuzimbudzi ankangondithandiza. Ndine ndinamupezera ntchitoyo, ndinenso ndinapezera mwamuna wake Watson ya ulonda pageti. Ndikanadziwa.

“Thirani zonse mu ndowa imodzi,” anatero a Jailosi. “Asidi uyu ndi kolorini uyo. Pofika thwelofu ndione nkhope yanga pansipo.”

“Bwana, sizisakanizidwa zimenezo,” ndinatero. “Mundipatse ma awazi awiri, ndiyambe ndi asidi zinayi zonse, nditsuke, kenako kolorini. Ziyera.”

“Ma awazi awiri ndiwatenga kuti? Iwe ukufuna anditsekere?”

“Ndikufuna tisafe.”

Anaseka, kuyang'ana madalaivala awiri amene ankamwa tiyi pakhonde, kuti nawonso aseke. Ndiye anati mankhwala akamatsamwitsa ndiye kuti akugwira ntchito, mwana aliyense amadziwa zimenezo. Ine pakamwa panga sipakhala chitseko, ndi matenda anga akale. Ndinawauza kuti ngati akudziwa chonchi agwade okha akweche, poti mimba yawoyo ikhozanso kuthandiza kupukuta pansi.

Khofi loyamba sindinalione. Lachiwiri linandigwetsera pa ndowa, mlomo unang'ambika, ndipo ndili pansi pomwepo anandiponda m'nthiti ndi nsapato. Madalaivala aja anangoyang'ana m'makapu mwawo. Enelesi anakuwa, “Achemwali!” koma a Jailosi anamuloza chala iye n'kubwerera m'mbuyo.

“Watson! Mutulutse uyu. Ntchito yatha.”

Alamu anga anandigwira pamkono, osandiyang'ana kumaso. Ankanong'ona kuti pepani alamu, mukuwadziwa kale bwana, mawa mtima ukhala utatsika. Ndinatembenuka n'kukuwira Enelesi kuti asayerekeze kusakaniza, zivute zitani. Anandimva. Koma Enelesi ndi munthu woti chibadwire sanakanepo kanthu kwa munthu wovala nsapato.

Watson ananditsekera kunja kwa geti. Sindinapite kutali. Ndinakhala pa mpopi wa kuseri kwa mpanda, pafupi ndi pomwe amakonza matayala, n'kumatsuka magazi pakamwa. Mtima unali kuwawa kuposa nthiti. Zaka zonsezi ndikununkha mikodzo ya anthu osawadziwa, malipiro ake nsapato ya m'nthiti.

Mpanda wake ndi wa njerwa, ndipo zimbudzi zili kuseri kwake komweko, moti zonse ndinkazimva. Ndinamva ndowa ikukhutulidwa. Ndinamva Enelesi akutsokomola, kenako mapazi ake akuthawira panja.

“Bwana, zikuwotcha m'maso!”

“Ndiye kugwira ntchito kwakeko. Bwerera!”

Anabwerera. Sipanathe nthawi, anatulukanso, chifuwa chili chokoka ngati cha nkhuku ya chitopa. Apa a Jailosi anakalipa zenizeni. Anati banja lathu lonse ndi la alesi, tapangana kuti awatsekere malo. Ndinamva kukokana, thupi likugunda chitseko, kenako mawu amene mpaka lero amandidzutsa.

“Watson, tseka chitsekocho. Usatsegule mpaka muyere. Ukatsegula, nonse mukagona kwanu ku Kanduku lero.”

Zitseko zimenezo zili ndi mpiringidzo wachitsulo kunja, woti tizitsekera chimbudzi chikawonongeka. Ndinaumva ukulowa, khwee. Zenera lake ndi kabowo ka njerwa imodzi pamwamba.

Enelesi anayamba kugogoda. Ankaitana dzina la mwamuna wake, osati la bwana.

Sindikumbuka bwino m'mene ndinakwerera mpanda. Pamwamba pake anaikapo mabotolo oswa, ndipo zipsera zake ndili nazo m'manja ndi pantchafu. Ndinagwera mkati pafupi ndi ngalande, pomwe panali khasu lomwe ndinkachotsera zinyalala. Ndinalitola.

A Jailosi anali atapita kutsogolo kukayang'ana ngati galimoto ya a zaumoyo yafika. Pachitseko panali Watson yekha, ataima chotsamira, dzanja lili pa mpiringidzo. Fungo linali litafika kale panja, lobaya m'mphuno, moti iyenso misozi inali kutsika. Kugogoda kuja kunali kutachepa, kukumveka m'munsi mwa chitseko.

“Alamu, tsegulani.”

“Alamu, bwana anena kuti pang'ono pokha. Angomaliza mbale imodziyi.”

“Tsegulani!”

“Ntchito itithera tonse, alamu. Ana tiwadyetsa chiyani?”

Ndinatembenuza khasu n'kumumenya ndi mpini pamkono womwe unagwira chitsulowo. Fupa linalira ngati nkhuni youma. Anagwa akukuwa, ndipo ndikanama ndikati ndinamva chisoni. Ndinakoka mpweya wambiri, kuugwira, n'kutsegula.

Enelesi anali atagwa chammbali, mutu uli pafupi ndi ndowa, bulashi ikadali m'manja. Mkati monse munali mpweya woti maso anangotseka okha. Ndinamugwira miyendo n'kumukokera panja, mutu wake ukugunda pa sitepe, mpaka pa bwalo pomwe pamawomba mphepo. Milomo inali itada, thovu lili kukamwa, akupuma mokhala ngati muluzu. Ndinamukhazika tsonga chotsamira khoma, kumuvula bulauzi yonyowa ndi mankhwala ija n'kumufunditsa chitenje changa, kenako kumuthira madzi m'maso osaleka.

Ndili choncho, china chake chinandimenya kumsana. A Jailosi anali atabwera ndi lamba, mbali ya chitsulo. Anandikwapula kachiwiri pakhosi, akutukwana kuti ndalowa ngati mbava, ndapha mlonda wawo. Ndinadzuka ndi khasu lija. Ulendo uno sindinatembenuze mpini.

Akanapanda dalaivala mmodzi wa aja a tiyi kundigwira kumbuyo, bwenzi lero ndikusimba nkhaniyi ndili kundende. Khasu linaphonya mutu n'kung'amba khoma. A Jailosi anabwerera chambuyo, kuterereka pa madzi, n'kugwa chagada pakhomo pa chimbudzi chomwe chija. Anakoka mpweya kamodzi kokha. Munthu wamkulu uja anakwawa ndi maondo kuthawa, akutsokomola mpaka kusanza, akukuwa kuti madzi, madzi, ndikufa. Kamodzi kokha. Mng'ono wanga anakhalamo nthawi yonse ija.

Dalaivala uja ndi amene anatinyamula. Wina pageti ankati timumwetse mkaka, ine ndinati ayi, munthu akulephera kupuma mukufuna mumutsamwitsenso, tiyeni kuchipatala. Njira yonse ndinamugwira chokhala, ndikumuuza kuti puma, Enelesi, puma, ngati kuti anaiwala.

Enelesi anakhala masiku atatu ndi chipangizo cha mpweya kumaso. Adokotala anati mapapo apsa, achira koma mwina chifuwa chizimuvuta nthawi yaitali, makamaka kukazizira. Ine apolisi ananditenga Lachinayi lomwelo madzulo chifukwa cha mkono wa Watson, n'kunditulutsa m'mawa mwake dalaivala uja atakafotokoza. Za resitihausi musandifunse. Ndinamva kuti a zaumoyo anafika, anatseka chimbudzi chimodzi chija, zinazo anati zikonzedwe. A Jailosi akugulitsabe zipinda.

Tsiku lachinayi anamuchotsa chipangizo chija. Ndinali nditakhala pamphepete pa bedi ndikumupesa tsitsi pamene Watson analowa, mkono uli mu pulasitala, dzanja linalo litanyamula jumbo ya nthochi. Anaima kumiyendo kwa bedi ngati mlendo. Ine ndinafuna kumuthamangitsa, koma Enelesi anandigwira dzanja.

Chifikireni kuchipatala anali asanalankhule. Mawu atatuluka anali okhwekhwereza, osakhala ake, moti Watson anachita kuwerama kuti amve.

“Bambo a Trust,” anatero, “mwina chitseko chija n'chokhuthala. Munkandimva ndikugogoda?”

Ndinaona kuti akumupatsa njira. Akanangoti ayi, mng'ono wangayo akanakhulupirira, ndikumudziwa. Akanabwerera naye kunyumba n'kumamuphikira ndi chifuwa chakecho.

Watson anayang'ana nthochi zija nthawi yaitali.

“Ndinkamva,” anatero.

Enelesi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatembenukira kukhoma n'kundiuza kuti ndipitirize kumupesa.